Mmene mungakonzere ndondomeko ya chisamaliro cha munthu amene vayilolodi yake yakwera

Munthu akakhala zaka zambiri pa ma ARV, achibale ngakhale achipatala amayamba kutayirira, poti wazolowera kale. Kenako zotsatira za magazi zimabwera zikuonetsa kuti kachilombo ka HIV kachulukanso. Apa ambiri amathamangira kukalipira munthuyo kapena kupempha mankhwala ena. Musayambire pamenepo. Pali miyezi itatu yoti mugwiremo ntchito, ndipo tiyenda nayo ndi chitsanzo cha bambo wina wa zaka 44 amene wamwa mankhwala zaka 8, ndipo pano akumwa TLD, piritsi limodzi patsiku lokhala ndi tenofoviya, lamivudini ndi dolutegiravi.

Yambani ndi kumvetsa nambala. Vayilolodi ndi chiwerengero cha tizilombo m'mililita imodzi ya magazi. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati ikakhala 50 kapena kutsika, mankhwala akugwira bwino. Ikapitirira 1,000, munthu athandizidwe pa kamwedwe ka mankhwala ndipo ayezedwenso pakatha miyezi itatu. Ya bambo wathuyu yatuluka 4,500. Chotsatira chimodzi chotere sichitanthauza kuti mankhwala asiya kugwira. Kwa amene ali pa dolutegiravi, nthawi zambiri vuto limakhala lakuti piritsi silikumezedwa tsiku lililonse.

Chachiwiri, werengani mapiritsi, koma musawerenge ngati wapolisi. Bamboyu anapatsidwa 90, ndipo wabwera patatha masiku 84. M'botolo mumayenera kutsala 6, koma mwatsala 27. Ndiye kuti waphonya masiku 21, wamwa 63 pa 84, kutanthauza katatu pa kanayi kalikonse. Mukamufunsa kuti "Bambo, mumamwa bwinobwino?" ayankha kuti inde, chifukwa palibe amene amafuna kukalipiridwa. Funsani motere: "Bambo, ambiri amadumphitsa masiku ena. Inuyo masiku ovuta kumwa amakhala ati?" Funso limeneli ndi lomwe linatsegula pakamwa. Mwezi uliwonse amakagona kuntchito sabata imodzi, chipinda chimodzi ndi anzake anayi. Botolo limachita phokoso m'chikwama, ndipo tsiku lina mnzake anamufunsa moseka kuti muli chiyani umo. Kuyambira pamenepo amalisiya kunyumba. Masabata atatu pa miyezi itatu, ndiwo masiku 21 aja.

Mwaona kuti uku sikuiwala. Mukanamuikira alamu pafoni, ikanalira ndipo iye akanangoizimitsa. Kusalidwa, kapena mantha oti asalidwa, ndiko kwadya mapiritsi aja, choncho ndondomeko ikuyenera kuyambira pamenepo. Zimene zingathandize n'zazing'ono. Atenge mapiritsi a sabata imodzi m'botolo lakale louma lotsekeka bwino, asiyemo kaphukusi koyamwa chinyezi kaja, aikemo thonje kuti asachite phokoso. Osawakulunga papepala n'kuika m'thumba la malaya, chifukwa chinyezi chimaononga mankhwalawa. Asankhe nthawi imene amakhala yekha, monga m'mawa posamba. M'mawa muli ubwino winanso, poti dolutegiravi amasowetsa tulo anthu ena akamwedwa usiku. Akaiwala, amwe pomwe wakumbukira. Ngati nthawi ya piritsi lotsatira yayandikira, adikire lomwelo, asamwe awiri.

Za kuulula, musamukakamize. Anzake a kuntchito alibe chifukwa chodziwira, ndipo inuyo mulibe ufulu wouza wina aliyense popanda chilolezo chake. Chomwe mungafunse n'chakuti: pali munthu mmodzi amene akudziwa kale? Ngati ndi akazi ake, akhale iwo okumbutsa, ndi uthenga wa pafoni wosatchula mankhwala. Muwauzenso awiriwa chinthu chimene ambiri sanamvepo bwino: munthu amene vayilolodi yake ili pansi pa 200 sapatsira mnzake kachilombo pogonana. Pakali pano yake yakwera, ndiye agwiritse ntchito kondomu mpaka zotsatira zatsopano zitatuluka, ndipo ngati mayiwo alibe kachilombo, ayezedwe ndi kufunsa za PrEP, mankhwala oteteza munthu kuti asatenge kachilombo. Mufunsenso bamboyo ngati wasiya kusangalala ndi zimene ankakonda, kapena ngati wayamba kumwa mowa kwambiri. Kukhumudwa kwa nthawi yaitali kumabisala kuseri kwa mawu oti "ndatopa nawo mankhwalawa", ndipo kuli ndi thandizo lake.

Kenako onani zonse zimene amameza. Ine ndimapempha kuti abwere nazo m'kathumba, chifukwa pakamwa pokha anthu satchula zimene sakuziona ngati mankhwala. M'kathumba ka bamboyu munali mankhwala a chilungulira. Ambiri mwa amenewa ali ndi maginiziyamu, aluminiyamu kapena kashiyamu, zomwe zimagwira dolutegiravi m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Mapiritsi owonjezera magazi okhala ndi ayironi amachitanso chimodzimodzi. Lamulo lake ndi ili: TLD amwedwe maola awiri asanamwe zimenezi, kapena maola 6 atamwa. Mankhwala a ululu monga aibupulofeni ndi daikulofenaki asamwedwe nthawi yaitali, chifukwa pamodzi ndi tenofoviya amalemetsa impso.

Tsopano sikelo. Chaka chatha ankalemera makilogalamu 58, lero 52, ndipo ndi wamtali mamita 1.72. Chulukitsani msinkhu ndi msinkhu womwewo, mupeza 2.96. Gawani 52 ndi nambala imeneyi, mupeza 17.6. Pansi pa 18.5 ndiye kuti munthu waonda mopitirira. Musanalankhule za chakudya, funsani mafunso anayi: akutsokomola, akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku, akuonda? Limodzi lokha likakhala inde, ayezedwe chifuwa chachikulu, ndipo bamboyu wayankha kale inde pa kuonda. Akapezeka nacho n'kuyamba mankhwala okhala ndi rifampisini, achipatala amawonjezera dolutegiravi wina wa mamiligalamu 50 pakatha maola 12. Yang'ananinso m'kamwa. Zoyera pa lilime ndi kupweteka pomeza zimalepheretsa kudya, ndipo zimasonyeza kuti chitetezo chatsika, choncho CD4, chiwerengero cha asilikali a m'thupi, iyezedwe.

Pa kadyedwe, munthu amene akudwala amafunika mphamvu zochokera ku chakudya zoposa za masiku onse ndi 20 mpaka 30 pa 100 iliyonse. Mbale yaikulu siithandiza munthu wopanda chilakolako. Adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo pazikhala chomanga thupi monga mazira, nyemba, nsomba, nyama kapena mkaka, pamodzi ndi masamba, zipatso ndi mafuta pang'ono. Madzi akumwa akhale otetezeka, chifukwa kutsegula m'mimba kwa sabata imodzi kumabweza zonse zimene mwapeza m'mwezi. Ena amadumphitsa piritsi tsiku limene alibe chakudya poopa kuti liwapweteka. TLD amamwedwa ngakhale m'mimba mulibe kanthu. Kwa ena vuto limakhala kunenepa, komwe kumaoneka mwa amene ali pa dolutegiravi, ndiye sikelo, kuthamanga kwa magazi ndi shuga ziziyezedwa ngakhale munthu akuoneka wathanzi.

Zonsezi zilembedwe papepala limodzi, m'mawu ake: nthawi yomwera, botolo la kuntchito, dzina la womukumbutsa, kulemera kwa lero, tsiku lobweranso. Muzikumana mwezi uliwonse, kuwerenga mapiritsi ndi kukwera pasikelo. Ulendo wa mwezi woyamba ukhale sabata yotsatira imene wachokera kuntchito kuja, kuti muone ngati botolo linapita naye. Pakatha miyezi itatu akumwa mosadumphitsa, magazi atengedwenso. Ikatsika kufika 50 kapena pansi, apitirize TLD yemweyo. Ikakhala pakati pa 50 ndi 1,000, thandizo lipitirire ndipo ayezedwenso. Ikakhalabe pamwamba pa 1,000 pomwe mapiritsi akuwerengeka bwino, nkhaniyo ipite kwa dokotala, amene angaone ngati kachilombo kayamba kupima mankhwala ndi ngati akufunika kusinthidwa.