Momwe mungalembere ndemanga ya pa lipoti la mwana yoti kholo liigwiritse ntchito

Sabata yotsekera sukulu ikafika, aphunzitsi ambiri kuno ku Zomba timakhala ndi mulu wa malipoti patebulo, ahedi akudikira kusaina. Dzanja likatopa, aliyense amangopatsidwa "Wakhoza bwino" kapena "Alimbikire". Kholo likawerenga zimenezo limangoyang'ana kuti mwana wakhala nambala chani, n'kupinda pepalalo. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 3, ndipo chitsanzo changa ndichitenga m'masamu.

Choyamba, musayambire pa malikisi. Tengani kope la mwana, mutsegule tsamba la kumayambiriro kwa teremu ndi la sabata yathayi, muwayerekeze. Malikisi a 55 sakuuzani chimene mwana waphunzira, koma kope limakuuzani. Mtsikana wina m'kalasi mwanga, teremu ikuyamba, ankati 52 − 27 ndi 35. Ankangochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, 2 pa 7 ndi 2 pa 5, osabwereka. Tsopano akupeza 25. Chiganizo choyamba cha ndemanga chapezeka pamenepo.

Kenako funani pamene akukakamira, malo amodzi okha. Mtsikana yemweyo ndikamupatsa 403 − 158 akulemba 255 m'malo mwa 245. Kubwereka akukudziwa, koma akadutsa pa 0 uja amamusandutsa 10 n'kuiwala kuti 10 ameneyo wabwereketsa 1, ndiye watsala 9. Mukaona yankho likuposa loona ndi 10 ndendende mobwerezabwereza, dziwani kuti vuto ndi limenelo, si ulesi. Kalasi ikakhala yaikulu simungafufuze tsamba lililonse, choncho ine pochonga ndimaika kachizindikiro pafupi ndi dzina la mwana m'buku langa la malikisi. Potseka teremu ndimapeza kuti ana ambiri agwera m'magulu atatu kapena anayi a zolakwa zofanana, ndipo ntchito imapepuka.

Gawo lovuta ndi lachitatu, lonena choti achite patchuthi. Chaka china ndinalembera ana angapo kuti "Azichita masamu a m'buku kunyumba". Tsiku lotsekera agogo ena anabwera nalo lipoti lija m'manja.

"Aphunzitsi, buku lake liti? Kwathu kulibe buku. Nanga ine osadziwa masamu ndiziona bwanji kuti wakhoza?"

Ananena zoona. Mabuku ochepa amene tili nawo amatsala m'kabati ya sukulu. Kuyambira pamenepo, ndisanalembe choti mwana achite, ndimadzifunsa ngati angachichite ndi zimene zili pakhomo pawo, ndiponso ngati pali wina angathe kuona kuti wachita. Timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi ndi zitsekerero za mabotolo zimapezeka paliponse, kaya ku Chinamwali kaya ku Jali. Kuchonga nakonso kuli ndi njira yake: mwana aphatikize yankho lake ndi nambala imene anachotsa. Akapeza 245, aphatikize ndi 158, ndipo ikabwerera 403 wakhoza. Akapeza 255, ituluka 413, ndiye aona yekha kuti china chalakwika. Mchemwali wake wa Sitandade 6 angathe kumuyang'anira, ngakhale foni yamabatani ili ndi kakyuleta. Muikenso muyeso wake, chifukwa "azichita kawirikawiri" kwa wina ndi kamodzi pa sabata.

Ndemanga ya mtsikana uja inatuluka motere: "Tsopano akutha kuchotsera kobwereka, monga 52 − 27. Akusokonezeka pakakhala 0 pakati, monga 403 − 158. Patchuthi azichita masamu atatu otere patsiku, n'kuphatikiza yankho ndi nambala yochotsedwayo kuti adzichonge."

Ziganizo zitatu zimenezi zimafuna malo. Ngati sukulu yanu imapangitsa malipoti pa fotokope m'tauni, kaoneni pepala limodzi musanalipire mulu wonse. Ena amachepetsa tsamba kuti malipoti awiri akwane papepala limodzi, bokosi la ndemanga n'kusanduka kamzere kamodzi. Ena inki yawo imakhala yothera, mizere yosaoneka, mtengo wake womwewo, pomwe mapepala akwera kale. Mabolopeni otchipa a m'mbali mwa msewu nawonso amatha kutayikira pa lipoti, ndipo lipoti silifufutidwa. Bokosi likachepabe, pitirizani kuseri kwa pepala n'kusainira.

Lembani m'Chichewa ngati sukulu ikulola, popeza wowerenga ndi kholo. Mawu ngati "waulesi" kapena "wopanda nzeru" asalowemo, ndipo musamuyerekeze ndi mnzake. Amene wakhoza zonse mumupatsenso chotsatira, mwina masamu ochotsera a m'nkhani, monga a chenji cha kumsika. Mukamaliza onani kuti dzina ndi ndemanga zikugwirizana, mukopere chiganizo chachitatu chija m'buku lanu kuti mudzamufunse tsiku lotsegulira, kenako mupereke kwa ahedi.