Kuika mesh kuti foni isamaduke posintha chipinda

"Ndagula mesh ya tizipangizo titatu. Ndiyambire pati, nanga kalikonse kakhale ndi dzina lake?"

Mesh ndi tizipangizo tingapo ta Wi-Fi togwira ntchito pamodzi ngati netiweki imodzi. Choyamba ikani apu ya kampani imene inapanga mesh yanuyo pa foni, mutsegule akaunti ngati ikufuna, ndipo muyatse Bluetooth chifukwa mapulogalamu ambiri amapeza kachipangizo kudzera mmenemo. Zimitsani modemu, lumikizani kachipangizo koyamba ku modemuyo ndi waya wa Ethernet, kenako yatsani zonse. Dikirani kuti getsi lisonyeze kuti kakonzeka musanapitirize pa apu.

Ikakufunsani dzina la Wi-Fi, lembani limodzi lokha ndi pasiwedi imodzi. Tizipangizo tonse timaulutsa dzina lomwelo, n'chifukwa chake foni imasamuka yokha mukamayenda. Pasiwedi isachepere zilembo 8, koma ine ndimakonda yotalika kuposa 12. Mukabwereza dzina ndi pasiwedi ya rauta yakale ndendende, zilembo zazikulu ndi zazing'ono zomwe, TV ndi printa zidzalumikizika zokha. Mukatero zimitsani Wi-Fi ya rauta yakaleyo, apo ayi foni izikakamira kumeneko.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa: kachiwiri musakaike m'chipinda chimene netiweki simafika. Tinene kuti koyamba kali pabalaza ndipo vuto lili kuchipinda chakumapeto. Kaikeni pakati, poonekera, pamene foni ikugwirabe bwino. Mukaona mizere ya Wi-Fi yodzaza koma intaneti ikuchedwa, ndiye kuti katalikira, kasendezeni kufupi ndi koyamba. Onjezani kachitatu pa apu momwemo, kenako lolani mesh ilandire pulogalamu yatsopano.