Randi yako isagone m'manja mwa munthu: zimene ndinaphunzira pa malata 60

Abale anga a ku Joni, kutumiza ndalama mwadongosolo si nkhani yoti tichedwepo. Lembetsani ku Mukuru kapena kwina kovomerezeka, onani mtengo wa tsikulo, tumizani ku Mpamba, Airtel Money kapena ku banki, sungani lisiti. Basi.

Chimene chikundiwawa mpaka lero ndi china. Mu Okutobala 2023 ndinali nditasunga R15,000 ya malata 60 ofolera nyumba ya mayi anga ku Mzimba. Mnzanga wina anandilozera kwa mkulu wina wotumiza katundu kumudzi. Njira zovomerezeka zinkapereka makwacha sikisite ndi kanthu pa randi imodzi, iye anati andipatsa K80. Kuwerengera kwake inali K1,200,000, yokwanira malata onse pa K20,000 limodzi. Ndinamupatsa ndalamayo pamanja, popanda ndi kapepala komwe, poti ankalankhula chinenero chathu ndipo ankanditchula kuti achimwene.

Anati mayi alandira mawa lake. Mawa linakhala sabata. Kenako anati mnyamata wake wa ku Lilongwe wapita kumaliro. Kenako foni sinkayankhidwa. Ndili kudikira choncho, mu Novembala Banki Yaikulu inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Mkulu uja anali atagwira marandi anga, omwe tsopano anali amphamvu kuposa kale, koma ine anandilipira pa mtengo wakale uja, ndiponso pang'onopang'ono: K300,000 lero, ina pakatha masabata awiri. Pamene yomaliza inkafika, lata limodzi linali pa K30,000. Ndalama yonse ikanagula malata 40 okha, koma sinagule n'komwe 40, chifukwa ndalama yobwera mwapang'onopang'ono pakhomo pamene ufa watha imathera kuchigayo. Mayi sindiwaimba mlandu. Mvula inagwa nyumba ili yosafolera, khoma limodzi n'kugwa. Ndikanakadandaula kuti, wopanda umboni uliwonse?

Ndiye mverani. Munthu akakupatsani mtengo wokoma kuposa wa kubanki, funsani kuti ndalamayo ifika ola lanji, osati tsiku lanji. Akayamba za "mawa", tengani ndalama yanu muzipita.

Ndipo musatumize ndalama yomangira kuti ikakhale kumudzi ngati makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso 2023. Malata, simenti ndi feteleza zimatsatira dola, chifukwa ngati sizichokera kunja, zipangizo zake kapena mafuta ozinyamulira amachokera kunja. Sungani m'marandi, mumve mtengo kusitolo m'mawa, mutumize, katundu agulidwe tsiku lomwelo, mulandire chithunzi cha lisiti. Fizi ipite ku akaunti ya sukulu. Chimanga gulani mu Meyi kapena Juni anthu atangokolola, musadikire Januwale pamene thumba lakwera ndipo kumudzi akukuimbirani akulira.

Ya chakudya ikhale payokha, pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse, ngakhale ikhale yochepa. Ambirife timalakwa apa. Timatumiza yambiri kamodzi, osanena ntchito yake, kenako timakwiya kuti yatha. Pakhomo pali sopo, mchere, mankhwala, maliro, ndi achibale amene amva kuti "ya ku Joni yafika". Uzani onse, osati munthu mmodzi, kuti iyi ndi ya chiyani. Ndipo musalole kuti kumunda kugone chifukwa inu mukutumiza. Tsiku limene ntchito idzathe kapena mapepala adzavute, banja lidzadya chiyani?

Pali chinanso chimene ndinachimvetsa mochedwa. Marandi anga aja sanafike ku Malawi. Anatsala ku Joni konkuno, mkulu uja n'kugulira katundu wake, ndipo mayi anangopatsidwa makwacha amene anali kale m'dziko. Mukatumiza kudzera njira yovomerezeka, ndalama yakunja imalowa m'mabanki a kwathu, ndipo ndi yomweyo imene dziko limagulira mafuta, mankhwala ndi feteleza. Fodya yekha sakwanitsa. Tikamadutsa kumbali tonse, mabanki amauma, amalonda amakasaka dola pamsika wamseri, n'kuika mtengo umenewo pa katundu amene mayi athu akukagula ndi ndalama yathu yomweyo.

Ndikudziwa chimene muyankhe: mtengo wa kubanki ndi wotsika, ndipo kusiyana kwake si kwamasewera. N'zoona, ndipo oyendetsa chuma ayenera kukonza zimenezo ngati akufuna ndalama zathu. Koma K80 ija ndinaiona pakamwa pokha. Malata otsalawo ndi khoma ndinalipira ndekha, pogwira maovataimu miyezi inayi, ndipo nyumbayo inafoleredwa mu Epulo mvula itatha.