Kukonza mawu a nyimbo akasemphana ndi maimbidwe obwereka

Funso: Kwaya yathu ku Nsanje yaika mawu a Chichewa pa nyimbo ya Chingerezi, koma anthu akuti sakumva zomwe tikuimba. Tikonze bwanji?

Yambani mwayankhula mzere uliwonse osaimba, kenako muung'ung'uze. Mverani pomwe liwu likukwera ndi pomwe likutsika, mulembe chizindikiro pa phatikizo lililonse. Pa Chichewa izi zimasintha tanthauzo: "mtengo" wa m'nkhalango umakwera pa "te", pomwe "mtengo" wa pamsika sukwera.

Kenako onani kumapeto kwa mzere, poti vuto lalikulu limakhala pamenepo. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: Mu-LU-ngu, chi-KO-ndi. Nyimbo zambiri za Chingerezi zimathera pa noti yaitali yamphamvu, ndiye kwaya imaimba "chikondiii", kulemera konse kwagwera pa "ndi". Gawani noti yomalizayo pawiri: ngati ili ndi magunda 4, "ko" atenge 3, "ndi" atenge limodzi. Kumeneku n'kwabwino kuposa kudula mawu.

Pakati pa mzere, nyimbo ikamatsika pomwe liwu limakwera, sinthani dongosolo la mawu kapena pezani liwu lina. Zikakanika, kwezani notiyo sitepe imodzi.

Pomaliza muimbireni munthu amene sanaone pepala, abwereze zomwe wamva. Ngati mzerewo uli m'Chisena, womverayo akhale Msena, poti kamvekedwe kake n'kosiyana.