Wokongoletsa sanabwere pa ukwati: kubweza dipoziti

"Tinalipira wokongoletsa holo dipoziti ya K300,000, koma tsiku la ukwati sanaoneke. Tichite bwanji kuti atibwezere?"

Pepani kwambiri. Yambani ndi umboni lero lomwe: lisiti, uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza ndalamayo, ndi zokambirana za pa WhatsApp. Zijambuleni msanga asanazifufute. Ngakhale munangogwirizana pakamwa, pangano lilipo ndithu, ndipo a komiti ya ukwati amene analipo ndi mboni zanu.

Kenako mulembereni kalata. Kumuimbira foni kokha sikusiya umboni. M'kalatamo tchulani tsiku limene munalipira, ntchito imene analonjeza, ndalama imene mukufuna, ndipo mupatseni masiku 14. Asayine pa kope lanu kuti walandira. Akanena kuti dipoziti sibwezedwa, musagonje: mawuwo amagwira ntchito kasitomala akasintha maganizo, osati mwini ntchito akalephera yekha. Koma ngati anachitako zina, mwachitsanzo anabweretsa mipando ya K80,000, chotsani imeneyo mufune K220,000. Akapempha kubweza pang'onopang'ono, mulemberane masiku ake ndipo asayine.

Masikuwo akatha ali chete, kadandauleni ku bungwe la CFTC, loteteza ogula, kapena pitani ku khoti la majisitireti ndi mapepala onse mukatenge samani. Simukakamizidwa kukhala ndi loya.

Kupolisi pitani pokhapokha pali zizindikiro za chinyengo, monga dzina labodza kapena kuthimitsa foni atangolandira ndalama. Kupanda apo adzakuuzani kuti ndi nkhani ya kukhoti.