Kudula mizere m'buku powerenga, osamangopenta tsamba lonse

Mphwanga wina ku Ulongwe anandionetsa buku lake la mbiri, tsamba lonse mizere yokhayokha, koma nditamufunsa kuti ndimeyi ikuti chani anangoti kukamwa yasa. Amadula mizere akuwerenga koyamba, nthawi yomwe chilichonse chimaoneka chofunika.

Ndiye choyamba, ikani pensulo pansi. Werengani ndime yonse mpaka kumapeto manja ali phee, kenako dzifunseni kuti ndimeyi ikuyankha funso lanji.

Titenge ndime yokamba za damu la Kahora Basa. Ikunena kuti lili pa Zambezi pafupi ndi Songo, Apwitikizi anayamba kumanga mu 1969, madzi anayamba kudzaza mu 1974, magetsi ambiri amagulitsidwa ku Joni, ndipo Mozambiki anatenga ulamuliro wa kampani yake mu 2007. Funso lake ndi loti damuli linamangidwira ndani ndipo linabwera liti m'manja mwathu. Powerenga kachiwiri ndi pomwe mudule mzere, pa 1969, pa mawu onena za kogulitsa magetsi, ndi pa 2007 basi. Zoti lili pa Zambezi zisiyeni, munthu wa ku Tete mukudziwa kale, mzere ndi wa zomwe mungaiwale. Dulani mawu awiri atatu osati chiganizo chonse.

M'mphepete ndi momwe muli ntchito yeniyeni. Buku ndi la Chipwitikizi eti, inu lembani mu Chichewa, mawu osapitilira asanu ndi limodzi, monga "magetsi ku Joni, lathu 2007". Mukakopera mawu a m'bukumo mungodzinamiza kuti mwamva, koma kutembenuza kumakugwirani pompo, mukakanika ndiye kuti simunamve, bwerezani ndimeyo. Pomwe pakusokonezani osangoika ? yekha, pakatha sabata simukumbukanso chomwe chinavuta, lembani funso lenileni, "bwanji mpaka 2007 pomwe ufulu ndi 1975?", limeneli ndi lopita nalo kwa aphunzitsi. Mawu achilendo azungulizeni, tanthauzo mulembe pamwamba pake kamodzi kokha.

Ngati buku ndi la sukulu kapena lobwereka musalembemo, pindani pepala la m'kope, lembani nambala ya tsamba ndi zonsezi pamenepo. Bolopeni ine sindiikonda ngakhale m'buku langa, imaonekera kuseri komanso mukasintha maganizo simungafufute.

Posiya ndi apa: tsekani buku, nenani ndimeyo pakamwa ngati mukufotokozera mnzanu pa chapa. Zikatuluka, pitani ndime ina osawonjezera kanthu. Mizere ikadutsa inayi pa ndime imodzi fufutani ina, ndipo ndime yongopereka chitsanzo cha zomwe mwalemba kale idutseni ili yoyera choncho.