Akakutumizirani chithunzi cha pangano la lendi popanda funso

Inu amene mumawerengera anzanu makalata, kaya kumpingo, kubanki nkhonde kapena pachibale, izi zimakupezani. Foni yalira, mwatsegula WhatsApp, mwapeza chithunzi cha pepala la pangano la nyumba ya lendi. Palibe moni, palibe funso. Ambiri timathamangira kumasulira pepala lonse, ena mpaka kuweruza kuti landilodiyo ndi wakuba. Dekhani kaye.

Yambani ndi kufunsa. Choyamba, mwasaina kale kapena ayi? Amene sanasaine akadali ndi mpata wopempha kuti mawu ena asinthidwe, pomwe amene anasaina kale nthawi zambiri watumiza chifukwa china chake chavuta. Funsaninso ngati iye ndi wolowa m'nyumba kapena mwini wake, komanso chomwe chachitika sabata ino. Kenako onani ngati masamba akwana. Ngati manambala a ndime adumpha kuchoka pa 4 kufika pa 9, pali tsamba lomwe simunalandire, ndipo mwina ndi lomwe likunena za notisi. Chithunzi chikakhala chosaoneka bwino musalote manambala. Ajambulenso poyera, tsamba lililonse palokha.

Tiyerekeze kuti mlamu wanu wapeza nyumba ku Area 25 ku Lilongwe ndipo sanasaine. Pepala likuti lendi ndi K150,000 pamwezi, alipiriretu miyezi itatu, kuphatikiza dipoziti ya mwezi umodzi. Muwerengereni: K450,000 ya lendi ndi K150,000 ya dipoziti, zonse K600,000 asanalandire makiyi. Mufotokozereni kuti dipoziti ndi chikole, si lendi ya mwezi wachinayi. Ndiye onani ngati pepalalo likunena kuti idzabwezedwa patatha masiku angati atatuluka, ndiponso zomwe mwini nyumba angaduleko. Likangoti adzadula za zowonongeka, muuzeni kuti: “Alamu, apa sanasiyanitse galasi losweka ndi penti yongosuluka chifukwa chokhalitsa. Afunseni alembe.” Tsiku lolowa ajambule zitseko, maloko, mipope ndi manambala a pa mita ya madzi, chifukwa ngongole ya Lilongwe Water Board yosiyidwa ndi amene anatuluka imakonda kugwera wolowa. Magetsi a mayunitsi a ESCOM savuta kwambiri, pokhapokha ngati mita ili yogawana ndi nyumba zakumbuyo, ndipo apo pepala linene kagawidwe kake.

Ndime ya notisi ndiye yofunika kuikhalira pansi. Tinene kuti yalembedwa kuti aliyense apereke notisi ya mwezi umodzi molemba. Mlamu atapereka kalata pa 10 Juni, iye angawerenge kuti mwezi ukutha pa 10 Julayi, pomwe mwini nyumba akuwerenga mpaka pa 31 Julayi ndipo akufuna lendi yonse ya mweziwo. Ntchito yanu ndi kumuonetsa kuti mawuwa angamveke pawiri, kuti awiriwo agwirizane tsiku lenileni asanasaine. Chimodzimodzi mawu oti “molemba”: kodi uthenga wa pafoni ukuwerengedwa? Ngati pepala silikunena, muuzeni kuti silikunena, basi.

Malire ake ali apa. Mukamati “pepala likuti”, mukuwerenga. Mukangoti “lamulo likuti” kapena “khoti silingalole”, mwavala mkanjo wa loya womwe si wanu. Zomwe zalembedwa ndi zomwe khoti lingavomereze sizifanana nthawi zonse, ndipo inu mwaona chithunzi chokha. Simunaone malisiti, simunamve zomwe anagwirizana pakamwa, mbali ya mwini nyumba simukuidziwa. Mawu amene ndaona akupweteketsa anthu ndi awa: “siyani kulipira mpaka akonze denga”, “dipoziti ikhale lendi ya mwezi womaliza”, “sangakutulutseni”. Onsewa amanenedwa ndi mtima wabwino, koma wopezeka ndi ngongole ndi mlamu, osati inu. Nenani poyera kuti: “Ine ndakumasulirani zomwe zalembedwa, koma za mphamvu yake pa lamulo akakuuzeni odziwa.”

Pali nkhani zomwe musazisunge ngakhale tsiku limodzi: mwini nyumba akasintha loko, akachotsa chitseko, akagwira katundu, kapena pakabwera samani ya kukhoti yokhala ndi tsiku. Apo mutumizeni ku Legal Aid Bureau, yomwe imathandiza osakwanitsa kulipira loya, kapena kwa loya weniweni. Mutha kumuthandiza kusonkhanitsa pangano lonse, malisiti, mauthenga a ndalama zomwe anatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi kulemba masiku motsatana pa pepala limodzi.

Chithunzicho musachiponye pa gulu kuti ena athandize maganizo. Pamakhala mayina, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya poloti ndi siginecha. Ngati mukufuna kufunsa mnzanu, koperani ndime yokhayo imene yakuvutani.